Chitseko cha pa Tsamba 41

Mkonzi wa mabuku anayala mapepala a bambo ake patebulo la mu ofesi yake, cholembera chofiira chili m'manja. Bambowo, amene anapuma pantchito chaka chatha, anali atalemba nkhani yawo yoyamba: mwamuna akusimba yekha mmene mkazi wake anamuthawira, n'kumusiyira khanda. Mkonziyo ankaidziwa bwino nkhani yoteroyo. Anakula akuuzidwa kuti mayi ake anamusiya ali wa miyezi isanu, ndipo zaka makumi atatu ankawasungira chakukhosi.

Anaiwerenga kawiri mmawa umenewo, ndipo tsopano bambowo anali atakhala patsogolo pake.

"Bambo, wosimba nkhani wanuyu ndi wosadalirika," anatero. "Amanena china, koma zinthu zimene akutchula zimamutsutsa. Ngati munachita dala, ndi luso."

"Wosadalirika bwanji? Akunena zimene zinachitika."

"Tsamba 38. Akuti tsikulo anali kuntchito, anangopeza m'nyumba muli zii. Ndiye akudziwa bwanji kuti mkaziyo anatuluka wopanda nsapato?"

"Anamuuza aneba."

"Aneba mulibe m'buku lonseli. Komanso akunena katatu kuti sanakwiye, pomwe palibe wamufunsa."

Bambo aja anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Magalasiwo analibe ndi kafumbi komwe.

"Ndiye pali kalankhulidwe kake," anapitiriza mkonziyo. "Kwa munthuyu zinthu zimangochitika zokha. Mbale inasweka. Diresi linang'ambika. Palibe woswa, palibe wong'amba. Koma pa tsamba 41 dzanja linamuterereka. Sanalembe kuti chitseko chinatsekeka. Analemba kuti chinatsekedwa."

"Konza basi, mwana wanga. Si ndiyo ntchito yako?"

"Chotsekedwa chimakhala ndi wochitseka, bambo."

Kuseri kwa khoma makina osindikizira ankangolira, ndipo wina ankaseka pafoni. Mkonziyo anachita mantha. Akanatha kufufuta zilembo zitatu zokha, kulemba ziwiri, buku n'kupita kosindikiza, iye n'kutsala ndi bambo amene ankamuluka tsitsi mokhotakhota Lamlungu lililonse. Koma anatembenuza tsambalo.

"Apa akuti mkaziyo anapita osatembenuka n'komwe. Mizere iwiri pansi pake, khanda likulira chifukwa cha phokoso la kugogoda. Munthu wothawa mwana sagogoda."

Bambo aja anayang'ana mapepalawo ngati awalembera wina.

"Ndinaliwerenga kasanu," anatero motsitsa. "Sindinazione zimenezo."

"Ndikudziwa. Wosimba wotere amayamba wadzinamiza yekha." Anaika cholembera pansi. "Amayi anagogoda nthawi yaitali bwanji?"

Manja a bambowo anali pamaondo.

"Mpaka mvula inakata," anayankha. "Ankakuitana dzina."