Dzina la Malume pa Thiransikiripiti

Kachete analemba kuti "Wokondedwa a Rejisitala", kenako anafufuta. Munthu woti sunamuonepo ungamutche bwanji wokondedwa? Analemba kuti "Bwana", n'kukumbukira kuti mwina a rejisitala a payunivesitepo ndi mayi. Laputopu inali patebulo lodyera, pafupi ndi kapu ya tiyi wozizira kale, ndipo kuseri kwa nyumba makina odulira zitsulo a malume ake ankalira ngati mwana wokana kusamba.

Dzina loti Kachete anamupatsa ndi malume omwewo, chifukwa ali wamng'ono ankayankha mafunso ndi mutu basi. Tsopano anali atamaliza digiri, ndipo anali atapeza mwayi wa sikolashipu yokapitiriza maphunziro kunja. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene a sikolashipuwo anamulembera kuti dzina lachiwiri la pa pasipoti yake likusiyana ndi la pa thiransikiripiti, chikalata chosonyeza mmene anakhozera maphunziro onse. Anati ngati mapepalawo sagwirizana mwezi usanathe, sangamupatse kalata yofunsira viza, ndipo malo akewo apita kwa wina.

Pa pasipoti panali dzina la bambo ake omubereka, poti ndi limene lili pa chikalata chobadwira. Bambowo anachoka iye asanamere mano. Pa thiransikiripiti panali dzina la malume. Tsiku limene anakamulembetsa sukulu, malumewo anamugwira dzanja limodzi ndi ana awo n'kuuza aphunzitsi kuti ana odya m'nyumba imodzi alembedwe dzina limodzi. Dzinalo linayenda naye kuchokera kupulayimale mpaka kuyunivesite popanda wofunsa.

"Ukulembabe?" anafunsa mayi ake, atanyamula beseni la zovala.

"Sindikudziwa kuti ndinene kuti lolakwika ndi liti, amayi."

"Lolakwika ndi limene likukutsekera njira."

"Ndiye la malume."

Mayi ake anayang'ana pawindo la kuseri n'kutsitsa mawu. "Iwe, achimwene asamve zimenezo. Tumiza mwakachetechete. Akakonza akonza, iwo sadziwa n'komwe. Kodi amawerenga mapepala ako?"

Amawerenga. Thiransikiripiti ija anaijambulitsa n'kuiika m'felemu yachitsulo yowotcherera okha, ndipo inali pakhoma la shedi yawo, pamwamba pa mabotolo a gasi. Kachete anabwerera pa laputopu. Analemba kuti: "Ndikupempha kuti mukonze dzina langa lachiwiri pa thiransikiripiti, chifukwa linalakwika. Lifanane ndi la pa pasipoti." Anaikapo nambala yake ya wophunzira, chithunzi cha pasipoti ndi kalata ya a sikolashipu. Mawu oti "linalakwika" anawayang'ana nthawi yaitali. Anatumiza atatsinzina.

Yankho linabwera nthawi yomweyo, koma linali la makina, lomuthokoza chifukwa cholemba. La munthu linafika patapita masiku, ndipo linamusokoneza kuposa kukhala chete kuja. Linati ofesiyo yaona kaundula wake ndipo sinapezemo cholakwika. Dzina la pa thiransikiripiti ndi lomwe analembetsa polowa, ndiponso ndi lomwe lili pa satifiketi yake ya kusekondale. Ngati akufuna kusintha dzina, afike yekha.

Kusintha? Iye sanapemphe kusintha. Anapempha kukonza. Kapena ndi chimodzimodzi? Anawerenga imeloyo m'basi yonse mpaka anapitirira potsikira.

Ofesi ya kaundula inali ndi benchi lalitali ndi kawindo kagalasi kobowola pansi. Kuseri kwake kunakhala mayi wa magalasi olendewera pa kachingwe, akudinda mapepala osayang'ana n'komwe.

"Ndine amene ndinalemba imelo ija," anatero Kachete.

"Mwanawe, kweza mawu. Imelo iti? Muno maimelo ndi ambiri kuposa mipando."

Anapereka nambala yake. Mayiwo anatayipa, anavala magalasi, anayang'ana kompyuta, kenako iye.

"Aa, ndiwe wa 'linalakwika' uja. Talakwitsa pati ifeyo? Unalemba wekha pofika, ndi dzanja lakoli."

"Eya, koma dzinalo si langa. Ndi langa, koma ndi la malume."

"Nanga la pa pasipoti?"

"Ndi la bambo."

"Ndiye iweyo ndiwe uti?"

 Mnyamata wina pabenchi anaseka, mayiwo n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka anasiya.

"Tamvera," anatero mofatsa. "Tikadalemba molakwitsa ife, bwenzi nditakonza lero lomwe. Koma apa pali mayina awiri, ndipo ine sindingangokhulupirira kuti onsewo ndi munthu mmodzi. Mawa wina abwera ndi pasipoti yake kudzatenga magiredi a mnzake. Upite kwa loya wolumbiritsa anthu, ukalumbire kuti mayina awiriwa ndi ako. Ubwere ndi chikalata chobadwira chenicheni ndi pasipoti. Ndipo amene analembedwa muno kuti ndi wokuyang'anira akalumbirenso, afotokoze kuti dzinali linabwera bwanji. Zikatero ndipititsa kwa a rejisitala. Ovomereza ndi iwo, osati ine."

"Amayi sangalumbire m'malo mwake?"

"Muno munalembedwa mwamuna. Wowotcherera zitsulo. Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Basitu. Vuto lili pati?"

Pobwerera anapeza malume ake atawerama pa geti limene ankapanga, chigoba chowotcherera chili kumaso. Anaima pakhomo la shedi kudikira kuti moto wabuluu uja uzime. Unazima, unayakanso, unazimanso. Iye ali chiimire.

"Kachete, ukufuna kumera mizu pamenepo?" Malume anakweza chigoba. "Ndege ija yakusiya kale?"

"Ayi, malume."

"Nanga nkhope ngati wameza msomali?"

Anayamba kufotokoza, koma anayambira pakati. Ananena za loya, malume n'kufunsa kuti wapalamula chiyani. Ananena za viza, iwo n'kufunsa ngati loyayo ndi wa kunja. Atasowa poyambira, anangowapatsa foni kuti awerenge yankho la ofesi, osakumbukira kuti pansi pake pali imelo yake ija. Anaona chala chawo chakuda chikukankha mawuwo pang'onopang'ono, kenako chinaima.

"Linalakwika," anawerenga mokweza.

"Sindimatanthauza choncho, malume."

"Umatanthauza bwanji?"

 Malume anamubwezera foni, anatsitsa chigoba n'kuyatsanso moto. Madzulo sanadye nawo patebulo. Mayi ake anamunong'oneza kuti, "Ndinakuuza kuti mwakachetechete," ngati kuti panali njira ina, ndipo Kachete anapita kuchipinda osadziwa ngati walakwira malume, amayi, kapena bambo amene nkhope yawo sankaikumbuka.

M'mawa anamva kugogoda. Malume anali atavala jekete la kutchalitchi, lothina m'mapewa.

"Tiye kwa loya wakoyo. Ndili ndi geti la anthu."

Ofesi ya loya inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala, yopapatiza, ya fani yozungulira mwaulesi. Loyayo anamvetsera nkhani yonse, anatayipa, n'kuyamba kuwerenga mokweza chikalata cha malume kuti amve asanasayine. Atafika pa mawu oti mtsikanayu si mwana wawo womubereka, malume anakweza dzanja.

"Pamenepo ayi."

"Koma ndi zoona, bambo?"

"Mwana wa mlongo wanga ndi mwana wanga. Mukufuna ndigwire Baibulo ndinene kuti si wanga? Chikuku chitamugwira anamubereka kumsana ndani? Inu?"

"Sindikukana, bambo. Ndikunena za magazi."

"Magazi ake ndi a mlongo wanga. A mlongo wanga ndi anga. Mwaphunzira chiyani kusukulu kwanuko?"

Loya anavula magalasi n'kuyang'ana Kachete ngati akupempha thandizo.  Mwezi unali kutha. Akatuluka muno opanda siginecha, basi zathera pomwepo.

"Bwanji mulembe zimene anachita," anatero Kachete, "osati zimene sali?"

Onse awiri anamutembenukira.

"Kuti ndine mwana wa mlongo wawo. Kuti anandilera, anandilembetsa sukulu ndi dzina lawo. Ndipo kuti dzina la pa chikalata chobadwira ndi la bambo ondibereka, koma munthu wake ndi yemweyu."

Loya anaganiza pang'ono. "Zonsezo ndi zoona, ndipo zikukwanira." Anatayipanso. Malume analumbira, anasayina mokanikiza mpaka cholembera chinatsala pang'ono kuboola pepala, ndipo potsika masitepe anati, "Lero walankhula, Kachete." Sanadziwe ngati akumuyamikira kapena akumudandaula.

Mapepala anakawasiya pa kawindo kaja. A rejisitala anali kumsonkhano, kenako anali atapita kumaliro, kenako fayilo inali "pa tebulo lawo". Kachete analembera a sikolashipu kuwapempha kuti amudikire, iwo n'kuyankha mwaulemu kuti tsiku silisuntha. Analemberanso ofesi ya kaundula, ulendo uno osafufuta kanthu: "Dzina silinalakwike. Ndikupempha kuti mulembe loti ndiyendere."

Sabata yomaliza anamuitana. Mayi wa magalasi anamukankhira envelopu pansi pa galasi. Munali thiransikiripiti yatsopano yodindidwa, ya dzina la pa pasipoti. Pansi pa dzinalo panali mzere waung'ono wonena kuti wophunzirayu analembetsa ndi kuphunzira ndi dzina lina, n'kulitchula. Munalinso kalata ya a rejisitala yotsimikiza kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi.

"Satifiketi ya digiri sitisindikizanso," anatero mayiwo. "Imeneyo ikhala ndi dzina lakale. Kalatayi uziyenda nayo kulikonse, usaitaye. Wamva, iwe wa mayina awiri?"

Anajambula mapepalawo ndi foni ali pabenchi pomwepo n'kutumiza. Tsiku lotsatira a sikolashipu anayankha kuti zonse zili bwino, kalata ya viza ikubwera. Mayi ake analulutira m'khitchini. Kachete anadikira kuti chimwemwe chimufike, koma chimene chinabwera chinali ngati njala yosadziwa chimene ukufuna kudya.

Anapita kushedi ndi pepala latsopanolo. Malume anapukuta manja pa ovolosi, analigwira m'mphepete, n'kulitalikitsa ndi maso.

"La uyo analilemba lalikulu," anatero. "Langa ndi ili longa nyerereli?"

"Koma lilipo, malume."

"Lilipo." Anayang'ana felemu ya pakhoma ija, kenako pepala la m'manja. Anamubwezera. "Ili upite nalo. Ilo lisachoke pamenepo."

Kachete anagwedeza mutu.

"Ndiye kumeneko akakufunsa kuti ndiwe yani, ukati chiyani?"



"Sindikudziwa, malume."

"Ukawayankhe ndi mutu," anatero, n'kumupatsa mbali ina ya geti kuti agwire.