Buku Lopyapyala

Amuna anga ndi atelala, ndipo chibadwire sanamalizepo buku. Amafika tsamba lachitatu, n'kuyamba kuliza mkonono. Koma atagonekedwa m'chipatala anandituma kuti ndikawapezere buku la nthano yaitali, akuti asadzapite kumanda asanamalizeko ngakhale limodzi. Iwo ankaseka ponena zimenezo. Ine sindinaseke, chifukwa adokotala anali atandiuza pakhonde kuti masiku awo atsala ochepa, ndipo eni akewo ndinali ndisanawauze.

Kulaibulale ndinangoti kakasi, mashelefu mpaka kudenga. Ndinatola buku lonenepa lachikuto cholimba, poganiza kuti mwamuna wamkulu sungamupatse kabuku ngati ka mwana. Mayi wogwira ntchito pamenepo anandilanda mwaulemu, n'kundifunsa kuti bambowo amakonda nkhani zotani akamacheza. Ndinati zamilandu, makamaka za akuba ochenjera. Nanga mabuku enawo ankawasiyiranji? Ndinati anthu amachuluka, iwo n'kuiwala kuti uyu ndi mlamu wa ndani.

Anandiyalira mabuku atatu patebulo n'kundiuza zoyang'ana. Mitu ikhale yaifupi, yoti munthu amalize umodzi asanatope. Zilembo zikhale zazikulu, anthu a m'nkhanimo ochepa, ndipo vuto lioneke patsamba loyamba lomwelo, osati kuyamba n'kufotokoza mitambo. Anati nditsegule pakati ndiwerenge tsamba limodzi, ndikakumana ndi mawu achilendo oposa zala za dzanja limodzi ndilisiye. Limodzi linagwa pamenepo. Lina linali lokoma ndithu, koma lalitali.

“Woyamba kumene mpatseni lopyapyala,” anatero mayiyo. “Akalawa kukoma komaliza, adzabwera yekha kudzatenga lalikulu.”

Ndinangovomera ndi mutu. Ndikanamuuza chiyani mwana wa eni? Ndinatenga lopyapyalalo, la mlonda wonamiziridwa kuba, ndipo m'njira monse ndinkawerengera mumtima kuti mutu umodzi patsiku mwina n'kukwanitsa. Ndinadzida nazo, koma kuwerengerako sikunaleke.

Ndinawapeza atatsamira pilo, botolo la madzi a mankhwala likudontha pang'onopang'ono. Ndinayamba kulongolola zonse za mayi uja, za zilembo, za mitu yaifupi, ngati ndine mphunzitsi. Iwo chikuto sanachiyang'ane n'komwe. Analigwira bukulo m'mphepete ndi zala ziwiri, mmene amagwirira nsalu kasitomala akabwera nayo.

“Kunalibe lokulirapo, mayi?”

Ndinati analipo ambiri, koma oyamba kumene amawapatsa lotere, ndiye lamulo lake. Zinali zoona zokhazokha, komabe ndinayang'ana pansi ngati wakuba.

Anatsegula kumapeto, n'kuyang'ana nambala ya tsamba lomaliza. Kenako anavala magalasi awo osokera.

“Mwandiyeza bwino,” anatero. “Ndiuzeni chimodzi chokha. Malinga ndi zimene anakuuzani adokotala, ndiziwerenga mutu umodzi patsiku, kapena iwiri?”