Chakudya cha Alinafe

Tandiuzani inu ophunzira, ndi nkhokwe iti imene ukamatapa pafupipafupi ndi pamene imadzaza? Musavutike, ndi bere la mayi. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 2 koma zimenezi ndimazidziwa, n'chifukwa chake nkhaniyi imandichititsa manyazi.

Cyprian, mwana wa mchimwene wanga, amagulitsa kachewere pa Tsangano. Mkazi wake Alinafe atachira mwana wamkazi, Tisunge, anandiitana kuti ndikathandize pakhomo. Mnyamatayo ndi wamatama. Analengeza kuti mkazi wake sadya zakumudzi ayi. Ankamubweretsera mabisiketi, masikono ndi zakumwa zam'zitini zija amati zopatsa mphamvu. Ine ndinadziwa kuti pamenepo palibe chakudya, koma ndinangoti zii. Mazira ndi nyemba, zimene iye ankati n'zosayenera mkazi wa bwana, zinkathera m'mbale mwanga ndi mwa Cyprian. Ndinanenepa ndithu.

Alinafe ndi waulemu, sankadandaula. Koma akadzuka ankagwira khoma, chizungulire. Akatopa ankachedwa kumuika mwana kubere, mkaka n'kuyamba kuchepa, mwana n'kumangolira.

Tsiku la sikelo tinapita tonse, Cyprian atavala jekete. Mlangizi wa zaumoyo, mayi Sibongile, anamuyeza Tisunge, n'kuyang'ana khadi, n'kunena kuti mwanayu sakukwera bwino. Anafunsa zimene mayi ake amadya. Cyprian sanadikire. Anatchula zitini zake mokweza kuti amayi onse pabenchi amve.

Mayi Sibongile anati zitinizo ndi shuga chabe, ndipo zinazo zimamusowetsa tulo mwana. Woyamwitsa, anatero, mugulireni mgaiwa ndi nsinjiro kapena soya za phala, nyemba, mazira, usipa, masamba, mbatata yofiira m'kati, nthochi. Azidya kowonjezera pa masiku onse, azimwa madzi abwino kapena thobwa lotsekemera nthawi iliyonse akamva ludzu, ndipo mwana aziyamwa pafupipafupi, poti mkaka umabwera ndi kuyamwako.

Ine ndinali nditabisa nkhope m'chitenje. Ndikanakhala mnyamatayo ndikanakhala chete. Iye ayi.

"Zonsezo kwathu n'zosasowa, amayi. Mazira ndimagula thireyi yathunthu."

"Nanga mkazi wanu amadya angati patsiku?"

Cyprian anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana zala zanga zakumapazi. Alinafe ndiye anayankha, motsitsa mawu, maso ali pa mwana.

"Mazirawo amadya ndi abambo akewa. Ndi azakhali."

Gogo wina kumapeto kwa benchi anandiyeza ndi maso kuyambira kukhosi mpaka m'chiuno, kenaka anatembenukira kwa Alinafe.

"Ndiye mwana wanga ukuvutikiranji? Apatse abambo akewo ayamwitse, poti chakudya cha woyamwitsa akudya ndi iwo. Avule jekete, tiwabwereka chitenje."

Benchi yonse inagwa nako kuseka, ngakhale mayi Sibongile anabisa pakamwa ndi khadi. Cyprian anangogwira mabatani a jekete yake, ngati pali wina akubwera kudzawamasula.