Tsamba lachitatu

Chimangirizo cha Mwanahawa, mtsikana wa Fomu 3 pasukulu ina ya ku Kambuzuma, dera limene ambiri amalankhula Chishona, chinayamba bwino mopitirira muyeso. Aphunzitsi ake, a Lameki Mbewe, atangowerenga ndime yoyamba anapukusa mutu n'kulemba ndi pensulo pakona: "Wakopera."

Pa nthawi yopuma anafufuta mawuwo n'kumuitana. Kafunsidwe ka mwana womuganizira kuti wakopera a Mbewe ankakadziwa bwino. Anamukhazika m'kalasi mopanda anzake, n'kumupatsa pepala lake kuti aziyang'anapo.

"Si mlandu ayi, tingocheza mphindi zisanu. Yankha m'Chishona kapena m'Chichewa, zili kwa iwe. Mfundo yako yaikulu ndi yotani?"

Anamudikira osamufulumizitsa. Mtsikanayo anati mzere wa pamjigo umadya nthawi imene atsikana akanawerengera.

"Nanga unayambiranji ndi amuna a mawilibala?"

"Amabwera ndi zigubu zambirimbiri koma saima pamzere. Ndinawawerenga masiku anayi, aphunzitsi."

A Mbewe anafunsa funso lachitatu. "Utati ulembenso, ungasinthe chiyani?"

"Mathero. Paja ndalemba za amayi anga, patsamba lachitatu. Ndikuopa kuti ndawayalutsa. Inu mwaona bwanji, ndichotse?"

Mwanahawa anawabwezera pepala ndi manja awiri, n'kudikira monga momwe iwo anamudikirira. Pakona paja, pamene anafufuta, mawu awo ankaonekabe pang'ono. A Mbewe anatsegula tsamba lachitatu koyamba, manyazi atawagwira.

Mwanayo anali atayankha mafunso awo onse atatu. Iwo limodzi lokhalo linawakanika.