Mapiritsi Ochokera ku Joni

Chithunzi chidalowa pa foni ya Zuhura akuchonga makope a Fomu 2 kunyumba kwake ku Matawale. Chidachokera kwa amalume ake, a Habibu, olima mbatatesi kuseri kwa phiri la Zomba. Chinali cha bokosi la mapiritsi a nyamakazi amene mwana wawo Jamal adatumizira mayi ake, a Bushra, kuchokera ku Joni. Amalumewo ankafuna awamasulire Chingerezicho.

Dzina lidaoneka bwino: methotrexate. Koma dzuwa lidawala pa pepala lomatidwa ndi a famase. Zuhura sadathe kuona ngati ndi 2.5 mg kapena 25 mg. Pansi pake padati mapiritsi anayi kamodzi, koma mawu otsatira adaphimbidwa ndi chala chachikulu cha amalumewo. Kamodzi pa chiyani?

Adawaimbira kuti ajambulenso pamthunzi, achotsepo chala. A Habibu adadandaula kuti netiweki amakaipezera pamwala wa kumtunda, ndipo miyendo si ya mnyamata.

"Aphunzitsi athunthu kulephera mizere iwiri? Ungoganizira, mwana wa mlongo wanga."

"Za mankhwala saganizira, amalume. Azakhali asamwe mpaka ndione."

Chithunzi chachiwiri chidafika patatha maola atatu. Kadontho kanalipo, 2.5 mg. Zuhura adalemba zonse m'Chichewa mosadumpha: mapiritsi anayi, kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo. Osamwa tsiku lililonse. Zilonda m'kamwa, kutentha thupi kapena kutuluka magazi, thamangani kuchipatala. Podziwa kuti amalume ake amawerenga movutikira, adaimbanso n'kuwawerengera.

Kenaka a Habibu adafotokoza kuti bokosilo lidafika masiku khumi apitawo. Iwo adazindikira nambala 4 yokha, ndipo mankhwala onse amene adawaonapo m'moyo mwawo amamwedwa tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse ankawawerengera akazi awo mapiritsi anayi m'dzanja, osaphonya. Tsopano m'kamwa mwa a Bushra mudali zilonda, ngakhale phala silinkapita. Chithunzicho adatumiza kuti amve ngati n'kololedwa kuwonjezera.

Zuhura adapeza galimoto yonyamula matabwa yoti iwatsitse kuphiriko, nakakumana nawo kuchipatala. Kuchipatala dokotala adawerenga mabowo a m'mapaketi, makumi anayi, nayang'ana nkhama za a Bushra zikuchucha magazi. Adati mankhwala othetsa ululuwo amathandiza kwambiri akaperekedwa msanga, ndipo pamenepo analibe, akafunsa ku Blantyre. Adaika diripi. Kenaka adafunsa kumene kuli ana a mayiwo, nati auzidwe lero lomwe.

A Habibu adakhala pansi pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Muimbire Jamal," adatero. "Koma usamuuze kuti ndi mapiritsi ake. Unene kuti wolakwa ndine."

Zuhura adaimba. Foni idalira nthawi yaitali, mnyamatayo ali pa ntchito.