Dzina Lakale Linatsala Mufayilo Imodzi

Ntchito yanga ndi kuyesa mapulogalamu a pakompyuta asanapite kwa anthu, ndipo pa ofesi pathu amanditcha Mayi Chokani. Dzinali anandipatsa ndi a Katswiri, mkulu wa olemba mapulogalamu, amene amakhala pafupi ndi zenera pampando wokhawo wosagwedera.

Lachisanu masana a Katswiri anasintha dzina la kachigawo ka pulogalamu kamene kamatumiza mauthenga okumbutsa odwala kukatenga mankhwala. Kankatchedwa "tumiza", iwo n'kukatcha "tumizaChikumbutso".

"Ndangosintha dzina basi, mayi. Vomerezani tiziweruka."

"Mwaimanganso pulogalamuyi?"

"Yamangika bwinobwino. Mayeso onse adutsa."

"Nanga dzina lakale mwalifufuza m'mafayilo onse?"

Anaseka mpaka kupukuta magalasi. Ndinawafotokozera kuti chomangira, chida cholumikiza zigawo zonse kukhala pulogalamu imodzi, chimangoona maina a mukhodi, m'malemba a pulogalamu yeniyeniyo; dzina lolembedwa ngati mawu wamba mufayilo ya makonzedwe sichilidziwa n'komwe. Ndinapempha mphindi khumi zokha. Bwana, amene anali atanyamula kale makiyi a galimoto, anati ndisachedwetse anthu, n'kuvomereza okha.

Lolemba m'mawa chipatala chinaimba: palibe wodwala ndi mmodzi yemwe amene analandira uthenga. Pofika teni koloko kalata yondichenjeza inali pa desiki panga, yoti woyesa analephera kugwira vuto, ndipo likachitikanso ntchito yatha. Ine! Zaka zisanu ndi chimodzi ndikutola zinyalala za anthu, lero akuti wotaya ndine.

Ndinalowa osagogoda m'chipinda cha misonkhano, momwe munali bwana ndi a Katswiri, n'kulumikiza laputopu yanga pa sikirini ya pakhoma.

"Mayi, tili pa zokambirana," anatero bwana.

"Pepani bwana, sindichedwa."

Ndinalemba "tumiza" n'kufufuza m'mafayilo onse. Mizere yambiri inali ya dzina latsopano. Umodzi wokha, mufayilo ya ndandanda ya nthawi, unkauzabe kompyuta kuti sikisi koloko iliyonse iziitana "tumiza", kachigawo koti kulibenso. Mayeso aja anadutsa chifukwa amaitana kachigawoko mwachindunji, sadzera mundandanda.

A Katswiri anatsokomola. "Kanthu kakang'ono aka."

"Eetu, kakang'ono. Odwala mazana anayi."

Ndinakonza mzerewo, tinamanganso, tinayesa, ndinafufuzanso, ndipo ndinadikira mpaka uthenga woyesera utalira pa foni yanga. Palibe anapepesa. Za kalata ija bwana anangoti tidzaona.

Lachitatu kunabwera imelo ya kwa onse. Kuyambira tsopano, aliyense wosintha dzina azimanga pulogalamu, aziyesa, ndiponso azifufuza dzina lakale paliponse. Bwana anathokoza a Katswiri chifukwa cha nzeru imeneyi.

Mwa chizolowezi, ndinafufuza dzina langa mu imeloyo. Silinapezeke. Ndinatsegula dilowa, ndipo mukalata ija linalimo katatu.