Mayina Khumi ndi Anayi Osowa pa Mndandanda

Jovelyn Tupas anamva nkhaniyi akudya batchoy, msuzi wa nyama ndi manudozi, pa desiki, ndipo njala inathera pomwepo. Sitima ya masana yopita ku Bacolod inali itaimitsidwa pa doko la Iloilo. Asilikali a panyanja atawerenga anthu anapeza kuti aposa a pa mndandanda ndi khumi ndi anayi. Amene anasindikiza mndandandawo anali Manang Perla, mayi amene anagwira ntchito pa zenera la matikiti zaka makumi awiri, ndipo tsopano ankawanena kuti amalowetsa anthu chozemba.

Jovelyn ndiye ankayang'anira maseva, makompyuta osunga zolembedwa, a kampani ya sitimayo. Mwezi wathawo anaika replika, seva yachiwiri imene imakopera chilichonse cholembedwa pa yaikulu, kuti owerenga chabe aziwerenga kumeneko, yaikuluyo ipumeko. Mndandanda wa okwera nawonso anausunthira komweko. Atayang'ana anapeza kuti replikayo yatsalira m'mbuyo ndi mphindi makumi anayi. Aliyense wogula tikiti m'mphindi zimenezo analipo pa seva yaikulu, koma kwa Manang Perla kunalibe.

Chifukwa chake sanachifufuze n'komwe, ankachidziwa. A Rodel Gamboa, bwana wa zamaulendo, ankakonda lipoti lawo lalitali la okwera a zaka zisanu ngati mwana wobadwa yekha. Lipoti likamawerenga pa replika, n'kubwera zosintha zofuna kuchotsa zimene likuwerengazo, replika imadikira masekondi makumi atatu kenako n'kulidula. Lolemba a Rodel anabwera atatupa, akuti lipoti lawo likumafera panjira. Jovelyn anawauza kuti akachotsa malire a masekondi makumi atatuwo, replika izidzaima kukopera mpaka lipoti lithe. Iwo anati zachingerezi zakezo akauze anzake. Iye anachotsa, chifukwa bwana ndi bwana.

Tsopano Jovelyn anadula lipotilo osapempha kwa munthu. Replika inathamanga n'kuipeza inzake, ndipo iye anabweza malire aja, n'kulozanso mndandanda ku seva yaikulu. Anaimbira ku doko kuti asindikizenso. Sitima inanyamuka itachedwa ndi ola lathunthu. Kenako anakwera traisikolo, njinga yamoto ya mawilo atatu, kupita ku doko mtima ukuwira.

Mu ofesi ya pa doko anapeza Manang Perla atakhala pa mpando wapulasitiki, chikwama chili pamiyendo. A Rodel anali ataima ndi kalata yowaimitsa ntchito.

“Bwana, kalatayo ing'ambeni,” anatero Jovelyn. “Mayiwa sanalakwe. Anasindikiza zimene kompyuta inawaonetsa.”

“Ndiye kuti makina anu atsopanowa ndi bodza lokhalokha?”

“Makinawo amadikira lipoti lanu. Munaliyambitsa nthawi yanji lero?”

“Lipoti langa likukhudzana bwanji ndi anthu okwera sitima? Ine ndimangowerenga, sindilemba kanthu.”

“Ndinakuuzani Lolemba. Munati ndikauze anzanga. Anzangawo ndi awa, mukuwachotsa ntchitowa.”

Mkulu wa kampani, mayi Villaruel, anali pa foni imene inaikidwa pa tebulo kuti onse amve. Anafunsa mosakweza mawu kuti amene anasintha malirewo ndani.

Njira yonse Jovelyn anabwera akukonza mawu olasa a Rodel, ndipo mawuwo anali abwino zedi, koma funsoli silinkafuna amenewo. Seva imasunga dzina la aliyense woikhudza, ndipo dzina linali m'menemo silinali la a Rodel. Munthu uja ngakhale kulowa mu seva sankadziwa.

“Ndine, mayi,” anayankha. “Ndinenso ndinaika mndandanda pa replika, popanda chochenjeza kuti yatsalira.”

A Rodel anapinda kalata ija bwinobwino n'kuilowetsa m'thumba, nkhope ili gwa, ngati munthu amene wangodutsa kudzafunsa njira. Jovelyn anakwiya kwambiri, chifukwa anaona kuti bamboyu atuluka muno wopanda kadontho. Mayi Villaruel anati Manang abwerere pa zenera, Jovelyn akaonane nawo mawa m'mawa.

Panja, pafupi ndi ogulitsa nthochi zokazinga, Jovelyn anawapeza Manang Perla akufufuza kanthu m'chikwama. Ankaganiza kuti amuthokoza, ndipo anali atakonzeka kunena kuti palibe kanthu.

“Inday, tandiuza,” anatero mayiwo, kumuitana monga amaitanira atsikana kumeneko, koma osamuyang'ana. “Wati unawauza Lolemba?”

“Eya, Manang. Ndinawachenjeza ndithu, koma mukuwadziwa.”

“Ndiye kuyambira Lolemba umadziwa kuti chinthu chija chikhoza kundinamiza.”

Manang Perla anapitiriza uku akufufuzabe m'chikwama.

“Iwowo unawauza. Nanga ine? Nambala yanga uli nayo, umandiimbira ukafuna mpando wa pa windo.” Anatulutsa makiyi a zenera lawo. “Andisecha chikwama anthu onse akuona, Inday. Ena mwa iwo timapemphera limodzi.”

Analowa, n'kutsegula zenera, n'kuitana wotsatira pa mzere.